Mapaketi angati pa mwezi? Masamu a geni ya nyemba ya pa WhatsApp ku Ntcheu

Kuno ku Ntcheu tili ndi mwayi umene ogulitsa a m'tauni amausirira. Katundu amene anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amamufuna amachokera kwathu konkuno: kachewere wa ku Tsangano, kabichi ndi tomato wa pa Lizulu, nyemba zamitundumitundu. Msewu wa M1 unadutsa pakati pathu, ndipo mizinda iwiriyi ili uku ndi uku. Choncho munthu amene ali ndi foni yabwino akhoza kujambula nyemba zosankha bwino, kuziika pa Status ya WhatsApp kapena pa tsamba la Facebook, n'kulandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba asanatuluke pakhomo. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa achinyamata oyamba geni yotere amatseka isanathe miyezi ingapo, pamene makasitomala analipo ndithu. Ukawafunsa amati, "Ndinkagulitsa, koma ndalama sindinkaziona."

Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, ndiye mng'ono wanga atafuna kuyamba kugulitsa nyemba za kholophethe m'mapaketi a makilogalamu 5, tinawerengera limodzi. Ndilemba pano masamu ake monga alili m'kope lake. Mitengo imasintha msanga kwambiri masiku ano, ndiye musatenge manambalawa ngati mitengo ya lero. Tengani njira yake, muikemo manambala anu.

Masamu amene iye anabwera nawo anali achidule. Thumba la makilogalamu 50 pa Lizulu linali K160,000. Muli mapaketi 10, ndiye paketi imodzi yamudyera K16,000. Akagulitsa pa K25,000, phindu ndi K9,000. "Achemwali," anatero, "ndikangogulitsa mapaketi khumi pa mwezi, lendi ndi bandulo zatuluka." Masamu amenewa ndi amene pafupifupi aliyense amachita, ndipo cholakwika chake chili pa K9,000 ameneyo.

Poyamba, thumba la makilogalamu 50 silitulutsa mapaketi 10. Amene amagula nyemba pa foni akulipirira kuti asavutike kusankha, ndiye nyembazo ziyenera kupetedwa ndi kusankhidwa mpaka zikhale zoti n'kungotsuka n'kutereka. Titayala thumba loyamba pamkeka, mayi awiri amene anagwira ganyuyo anachotsa timiyala, zibuma, nyemba zosweka, zofumbwa ndi za mtundu wina zimene zinalowerera. Zonsezo titaziika pa sikelo zinakwana makilogalamu 5. Zotsala ndi 45, kutanthauza mapaketi 9. Zosankhidwazo sizitayidwa, zina zimadyedwa pakhomo, koma palibe kasitomala amene adzazilipire. Kuwonjezera apo, thumba silidzibweretsa lokha: kulikweza minibasi kuchoka pa Lizulu kudzafika pa boma, pamodzi ndi wolinyamula, ndi K5,000. Ganyu yosankha ndi K6,000. Thumba lija tsopano ladya K171,000, ndipo tikagawa ndi 9 tikupeza kuti nyemba za m'paketi imodzi ndi K19,000, osati K16,000.

Kenako pali tindalama timene timatuluka nthawi iliyonse paketi ikagulidwa. Pepala lapulasitiki lolimba, kachikwangwani ka dzina ndi selotepi zimakwana K700. Wakabaza wokasiya katundu ku ofesi ya koriya amatenga K1,500, ndipo kawirikawiri amanyamula mapaketi atatu, ndiye ndi K500 pa paketi. Ndalama ikalowa m'foni, poitapa kwa ejenti kapena poitumiza kwa wogulitsa nyemba pamadulidwa kenakake. Iye anaona pa chikalata cha mitengo chimene chimakhomedwa pa kauntala ya ejenti n'kupeza kuti ndi pafupifupi K400 pa paketi. Mtengo wotumizira amalipira kasitomala, koma pali katundu amene amabwerera: munthu waitanitsa, foni n'kuzimitsa, phukusi n'kukhala ku ofesi mpaka ulibweze wekha. Tinayerekeza kuti phukusi limodzi mwa 20 lidzatero, ndipo kupita ndi kubwerera kwake kudzadya K8,000. Tikagawa pa mapaketi 20, iliyonse ikusenza K400.

Tikaphatikiza zonsezi, paketi imodzi imadya K21,000 isanafike m'manja mwa wogula. Pa K25,000 pakutsala K4,000. Ndalama imeneyi si phindu panobe. Ndi chopereka cha paketi imodzi pothandiza kulipira zinthu zimene zimafuna ndalama mwezi uliwonse, kaya wagulitsa kaya sunagulitse.

Zinthu zimenezo kwa iye zinali izi. Bandulo ndi mayunitsi K20,000. Kutsatsa malonda, ndiko kuti kulipira kuti chithunzi chake chionekere anthu ambiri pa Facebook komanso kupatsa kangachepe eni magulu akuluakulu a WhatsApp, K30,000. Kachipinda kosungira matumba K25,000, chifukwa m'nyumba ya chipinda chimodzi yokhala ndi ana simungasungidwe chakudya chogulitsa. Anabwereka K200,000 ku banki mkhonde, ndipo gulu lawo limatenga chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye ndi K20,000. Anagulanso sikelo ndi kamakina komatira mapepala pa K120,000. Zida zimenezi sizitha mwezi umodzi, choncho tinati zigwira ntchito miyezi 24, ndipo mwezi uliwonse usenze K5,000. Zonse pamodzi ndi K100,000.

Tsono funso loti agulitse mapaketi angati kuti asaluze, ngakhale asanapindule, limayankhidwa ndi kugawa kumodzi kokha:

```
zolipira za pamwezi ÷ (mtengo wogulitsira − zodya paketi imodzi)
100,000 ÷ (25,000 − 21,000) = 25
```

Mapaketi 25, osati khumi aja. Akagulitsa 24 ndiye kuti waluza K4,000, akagulitsa 26 wapindula K4,000. Ngati kugawako kwatsala ndi kachidutswa, mwachitsanzo 25.3, nambala yake ndi 26, chifukwa palibe amene amagula chidutswa cha paketi. Amene amalemba pa Excel kapena pa Google Sheets akhoza kuika zolipira za pamwezi mu B1, mtengo wogulitsira mu B2, zodya paketi mu B3, n'kulemba `=ROUNDUP(B1/(B2-B3),0)`. Koma kope ndi bolopeni zimakwanira.

Pamenepa tinatsutsana pang'ono. Ine ndinati m'zolipira za pamwezi mulowenso malipiro ake. Iye anati, "Nanga bizinesi yanga yomwe ndizidzilipiranso? Phindu likabwera si langa?" Maganizo anga pa nkhaniyi ndi olimba. Munthu amene akusankhitsa nyemba, kujambula, kuyankha mauthenga mpaka usiku ndi kuthamangira ku koriya amadya, amagula sopo, amalipira sukulu ya mwana. Ndalama imeneyo idzachoka m'bizinesi, kaya yalembedwa kaya sinalembedwe. Ikapanda kulembedwa imachoka pang'onopang'ono, lero K3,000 ya ndiwo, mawa K10,000 ya chipepeso pamaliro, ndipo pakutha pa mwezi mwini wake amalumbira kuti sanatengepo kanthu. Ndi bwino kudziikira malire n'kumatenga tsiku limodzi lodziwika. Tinagwirizana K80,000 pa mwezi, kuyambira mwezi wachiwiri. Zolipira za pamwezi zinakwera kufika pa K180,000, ndipo tikagawa ndi K4,000 tikupeza mapaketi 45.

Nambala ya 45 ili ndi ntchito pokhapokha ukaimasulira m'zochitika za tsiku ndi tsiku. Mapaketi 45 ndi matumba asanu athunthu. Ndi mapaketi 11 kapena 12 pa sabata, pafupifupi awiri tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Ndi K1,125,000 yodutsa m'foni mwake pa mwezi, imene yake yeniyeni ndi K80,000 yokha. Ndipo pa malonda a pa foni si aliyense wofunsa amene amagula. Ambiri amangolemba kuti "Zingati?" n'kusowa. Iye atayamba kulemba kachizindikiro m'kope pa munthu aliyense wofunsa, anaona kuti mwa asanu amagula mmodzi. Ndiye mapaketi 45 akufuna anthu ofunsa oposa 200 pa mwezi, pokhapokha ogula akale atayamba kubwerera okha. Apa m'pamene munthu amadzifunsa moona mtima ngati K30,000 yotsatsira ija ingabweretse anthu ochuluka chonchi.

Chimene ndikufuna muchione bwino ndi mmene K4,000 uja alili wosachedwa kusungunuka. Kasitomala akanenerera kuti, "Mundichotsereko K2,000, ndine wanu," pa K25,000 zimaoneka zazing'ono. Koma K2,000 ameneyo sachoka pa mtengo wa nyemba, sachoka kwa wakabaza, amachoka pa K4,000 yekhayo. Watsala K2,000. Ukachotsera aliyense chonchi, uyenera kugulitsa mapaketi 90 kuti upeze zimene ukanapeza ndi 45. Ena amalengeza kuti kutumiza n'kwaulere pofuna kukopa anthu. Ngati koriya amatenga K4,000 pa phukusi, chotsala pa paketi ndi ziro, ndipo ngakhale utagulitsa mapaketi 500 lendi siituluka. Thumba likakwera kuchoka pa K160,000 kufika pa K178,000, paketi iliyonse yakwera ndi K2,000, ndipo ngati mtengo wogulitsira sunasinthe, wabwereranso ku mapaketi 90 aja. Kumbali inayo, kukweza mtengo ndi K1,000 yokha kumapangitsa chotsala kukhala K5,000, ndipo mapaketi ofunika amatsika kufika pa 36. Sindikunena kuti kwezani mitengo mwachisawawa, makasitomala nawo amayerekeza ndi pa msika wa kwawo. Ndikunena kuti musanalole kusintha kulikonse pa mtengo, bwererani pa kugawa kuja.

Masamu onsewa amayankha funso limodzi: kodi geniyi ingapindule? Sayankha funso lachiwiri, loti Lachiwiri likudzali m'foni mudzakhala ndalama yogulira thumba kapena ayi. Funso lachiwirili ndi limene limagwetsa anthu, ndipo kuwerengera kwake n'kosiyana. Apa sitigawa za sikelo pa miyezi 24. Timalemba ndalama tsiku limene yalowadi, ndi tsiku limene yatulukadi. Ndalama zoyamba nazo mwezi, kuphatikiza zolowa, kuchotsa zotuluka, zotsala ndi zimene ukuyamba nazo mwezi wotsatira.

Mng'ono wanga anayamba ndi K700,000: yake K500,000, ya ku banki mkhonde K200,000. Asanagulitse ngakhale paketi imodzi, anagula zida zija K120,000. Mwini kachipinda anafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, K75,000. Mapepala ndi zikwangwani anagula 100 nthawi imodzi pa K70,000, chifukwa kugula ochepa kumadula. Matumba awiri, pamodzi ndi thiransipoti ndi ganyu, K342,000. Bandulo ndi kutsatsa K50,000. Anatsala ndi K43,000 m'manja. Tsiku limenelo ndi limene bizinesi yatsopano imakhala pangozi kwambiri: mwana akanadwala, kapena foni ikanagwera m'madzi, panalibe potembenukira. Mwezi umenewo anagulitsa mapaketi 15, onse olipiriratu, K375,000. Za kabaza, zodulidwa pa foni ndi zobwerera zinali K1,300 pa paketi, ndiye K19,500. Chiwongoladzanja K20,000. Anatseka mwezi ndi K378,500, ndi mapaketi atatu pa shelefu. Tikawerengera phindu, mapaketi 15 anabweretsa K60,000 pa zolipira za K100,000, ndiye analuza K40,000. Pa mwezi woyamba zimenezi sizodabwitsa, bola ukhale unadziwiratu.

Mwezi wachiwiri ndi umene umanyenga. Anagulitsa mapaketi 30, K750,000. Anagula matumba atatu, K513,000, ndipo onani kuti sakanatha kuwagula onse tsiku limodzi, popeza anali ndi K378,500 yokha. Anagula awiri, lachitatu anakatenga atagulitsako. Za pa paketi zinali K39,000, bandulo ndi kutsatsa K50,000, chiwongoladzanja K20,000, malipiro ake K80,000. Zotuluka zonse K702,000. Anatseka ndi K426,500. Ndalama zinachuluka ndi K48,000 kuposa mwezi wapitawo, ndipo iye anasangalala. Koma mapaketi 30 amabweretsa K120,000 pa zolipira za K180,000. Mwezi umenewo analuza K60,000.

Zingatheke bwanji kuti munthu aluze koma ndalama m'foni zichuluke? Chifukwa mwezi umenewo ankadya zimene analipira kale. Lendi ya K25,000 sanaitulutse, inalipiridwa mwezi woyamba. Mapepala a K21,000 anangotenga m'katoni. Mapaketi atatu otsala aja, a K57,000, anawagulitsa osagulanso ena olowa m'malo mwake. Zida zinaperepeseka ndi K5,000 popanda ndalama kutuluka. Zinthu zinayizi zikukwana K108,000. Chotsanipo K60,000 yoluza, mupeza K48,000 uja. Ndalama imeneyo sinali phindu. Unali mpamba wake womwe, umene unali m'katundu n'kubwerera m'foni. Amene sadziwa zimenezi amaitenga n'kukagula nsapato, ndipo uku ndiko kudya mpamba kumene makolo athu amanena.

Chakumapeto kwa mwezi wachiwiriwo kunabwera oda yosangalatsa. Mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe anasonkhanitsa anzake, ndipo onse pamodzi ankafuna mapaketi 18, koma adzalipire akalandira malipiro, kutanthauza kumayambiriro kwa mwezi wachinayi. Makasitomala ena nawo ankachuluka, ndipo iye ankayembekeza kugulitsa mapaketi 36 olipiriratu. Onse pamodzi 54. Pa masamu a phindu, mwezi umenewu ndi wabwino kuposa yonse: 54 kuchulukitsa ndi K4,000 ndi K216,000, kuchotsa K180,000, phindu K36,000. Kwa nthawi yoyamba wadutsa mapaketi 45 aja.

Asanayankhe mayiyo, tinalemba mwezi wachitatuwo usanafike, motere:

```
Zoyamba nazo                     426,500
Zolowa: mapaketi 36              900,000
Matumba 6                     −1,026,000
Za pa paketi (54 × 1,300)        −70,200
Bandulo ndi kutsatsa             −50,000
Chiwongoladzanja                 −20,000
Malipiro ake                     −80,000
Kubweza ngongole                −200,000
Zotsala                         −119,700
```

Mwezi wa phindu ndi umene ndalama zikuperewera ndi K119,700. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo zonse sizioneka pa masamu a phindu. Choyamba, nyemba za mapaketi 18 aja ayenera kuzigula ndi ndalama yake lero, pamene K450,000 yake idzabwera mwezi wamawa. Wogulitsa pa Lizulu sadikira malipiro a anthu a mu ofesi. Chachiwiri, K200,000 ya banki mkhonde inali yobweza yonse pakutha pa mwezi wachitatu. Kubweza ngongole si kuluza, popeza ukubweza zimene unapatsidwa, n'chifukwa chake pa masamu a phindu timangowerengera chiwongoladzanja chokha. Koma m'foni ndalamayo imachoka yonse. Ndipo kuseri kwa tsamba limenelo kunali mwezi wachinayi ukudikira: lendi ina ya K75,000, mapepala atsala limodzi mwa 100 aja, shelefu ilibe kanthu.

Munthu akafika pamenepa asanakonzeke, njira imene imakhala pafupi ndi katapila, ndipo chiwongoladzanja cha katapila chimameza K36,000 uja mwezi umodzi usanathe. Ena amatenga ndalama za kasitomala amene walipiriratu n'kutsekera dzenje lina, katundu wake n'kuchedwa. Pa malonda a pa foni zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa anthu amatumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo mmodzi akalemba pa gulu kuti "uyu ndi wakuba", chikhulupiriro chimene unamanga miyezi itatu chimatha tsiku lomwelo.

Ubwino woona dzenje lidakali patsogolo ndi wakuti umakhala ndi nthawi yokambirana. Iye anaimbira mayi uja n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, odayi ndaikonda, koma nyembazi ndimagula ndi ndalama pamanja. Mukanditumizira theka, katundu anyamuka, theka linalo mudzamalize mukalandira." Mayiyo anavomera, ndipo K225,000 imeneyo inasintha zotsala kuchoka pa kuperewera K119,700 kufika pa kutsala K105,300. Kenako anapita ku gulu lake la banki mkhonde tsiku lobwezera lisanafike, n'kupempha kubweza K100,000 mwezi wachitatu ndi K100,000 mwezi wachinayi. Zimenezi zinamuwonjezera chiwongoladzanja cha K10,000, koma zinasiya K205,300 m'manja. Mwini kachipinda, ataona kuti ndi munthu wolipira bwino, analola lendi ya mwezi ndi mwezi. Choncho sabata yoyamba ya mwezi wachinayi akanatha kulipira K25,000 ya lendi, kugula thumba limodzi pa K171,000, ndi mapepala ochepa okwanira thumba limenelo, podikira theka lija. Zinali zothina, koma zinali zotheka. Akanakhala kuti mayiyo wakana kupereka theka, uphungu wanga unali woti odayo aichepetse kufika pa mapaketi 9 kapena aikane. Kukana oda yaikulu kumawawa, koma oda ya ngongole yoposa mpamba wako ndi katundu wa mnzako amene ukumusenzera ndi khosi lako.

Mwezi wathunthu nthawi zina ndi muyeso wautali kwambiri. Mwezi ukhoza kutha bwino pa pepala pamene pakati pake panali sabata imene m'foni munalibe kanthu. Makasitomala a m'tauni amagula kwambiri akangolandira malipiro, chakumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi, ndipo pakati pa mwezi mauthenga amachepa. Koma matumba uyenera kuwagula ndi kuwasankhitsa sabata imodzi chipwirikiticho chisanayambe, nthawi yomwe ndalama zili zochepetsetsa. N'chifukwa chake tsopano tsamba la mwezi amaligawa m'masabata anayi, ndipo amayang'ana sabata imene zotsala zatsikitsitsa. Malipiro ake amatenga sabata yoyamba, ndalama zikadali zambiri, osati pakati pa mwezi.

Kuti tsamba limeneli linene zoona, ndalama za bizinesi ziyenera kukhala pazokha. Iye anagula simukhadi ina ya malonda okha. Loweruka lililonse madzulo amawerenga zimene zili pa Airtel Money, za pa Mpamba ndi za m'kachikwama, n'kuziphatikiza, n'kuyerekeza ndi zotsala za m'kope. Zikasiyana ndiye kuti pali chinthu chimene sichinalembedwe, ndipo sabata imodzi munthu amakumbukirabe kuti chinali chiyani. Pomwepa ndinenepo za uthenga wonena kuti ndalama yalowa: asanatumize katundu amayamba waona balansi yake, chifukwa pali akathyali amene amatumiza uthenga wopeka wofanana ndi weniweni. Paketi imodzi yobedwa motero imadya K21,000, ndiko kuti chotsala cha mapaketi oposa asanu.

Zizindikiro zoti zinthu zikupotoka zimaoneka msanga ngati ukuzidziwa. Malonda akukwera koma ulendo uliwonse wa ku Lizulu ukugula matumba ochepa kuposa kale: ndiye kuti mpamba ukuchepa. Ndalama zimene anthu akukusungira zaposa zimene zili m'foni: wakongoza mopitirira. Wayamba kudikira kasitomala wa lero kuti utumize katundu wa kasitomala wa dzana: ndalama za eni ake wazidya kale. Ndipo thumba likayamba kutulutsa mapaketi 8 m'malo mwa 9, chifukwa wogulitsa wakupatsa nyemba zazinyalala kapena sikelo yake ndi yobera, nyemba za m'paketi zimakwera kuchoka pa K19,000 kufika pa K21,375, ndipo pa K4,000 uja pamatsala K1,625 yokha. N'chifukwa chake amapita ku msika ndi sikelo yake, ndipo amapisa dzanja mpaka pakati pa thumba asanalipire.

Pali yesero lina limene limabwera ndi nyengo. Nyemba zimatsika mtengo nthawi yokolola, cha m'Malichi ndi Epulo, ndipo zimakwera chaka chikamapita kumapeto. Aliyense amadziwa zimenezi, ndiye maganizo amabwera oti ugule matumba khumi pakamodzi n'kusunga. Pa masamu a phindu n'zoona: thumba lotchipa limakulitsa chotsala pa paketi ndipo mapaketi ofunika amachepa. Koma matumba khumi ndi ndalama yoposa K1,500,000 yogona m'chipinda, imene singalipire lendi kapena bandulo mpaka nyembazo zitagulidwa. Ngati ndalamayo ndi yobwereka pa K10 pa K100 iliyonse, thumba la K160,000 limadya K16,000 mwezi uliwonse limene lagona, ndipo likagona miyezi inayi liyenera kukhala litakwera ndi K64,000 kuti ungobweza chiwongoladzanja. Onjezerani anankafumbwe, amene amafuna mankhwala kapena matumba a PICS osalowa mpweya, komanso kuti nyemba zokhalitsa zimachedwa kupsa, zimene amayi a m'tauni ophika pa makala kapena pa magetsi amadandaula nazo msanga. Ine ndimati geni yatsopano isunge za mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo igule ndi ndalama yake yotsala, osati ya ngongole.

Kukwera mitengo nako kumalowa m'masamuwa mwakachetechete. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itachepetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo amalonda ambiri anaona zimene zimachitika ukagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale: umagulitsa zonse, n'kupita kukaoda, n'kupeza kuti ndalamayo ikugula zochepa kuposa zimene unali nazo. Choncho m'kope la mng'ono wanga, mtengo wa thumba umene amawerengera si umene anagulira, koma umene adzagulire ulendo wotsatira. Asanaike mtengo wa sabata pa Status amaimbira kaye wogulitsa wake pa Lizulu. Tsiku limene anamuuza kuti thumba lafika pa K178,000, anali adakali ndi mapaketi a thumba lakale, koma anawerengera pa K21,000 ya nyemba, n'kupeza kuti paketi ikudya K23,000. Kuti K4,000 uja atsalebe, mtengo unayenera kukhala K27,000. Iye anaopa kuti makasitomala athawa, ndiye anaika K26,500. Chotsala pa paketi chinakhala K3,500. Ngongole ya banki mkhonde anali atamaliza, ndiye zolipira za pamwezi zinali zitatsika kufika pa K160,000, ndipo kugawa kuja kunapereka mapaketi 46 pa mwezi umenewo.